Mbatata, dzungu ndi anyezi zikafewa: kodi mpeni umachotsadi kuola?

Dzuwa likapendeka pa msika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu, milu imayamba kukula pomwe mitengo ikutsika. Wogulitsa safuna kubwerera ndi katundu kunyumba, ndipo banyira amachuluka. Koma mayi amene wazolowera kugula amadziwa kuti banyira wamadzulo nthawi zambiri amachokera pansi pa thumba: mbatata yokhala ndi kabala kofewa kunsonga, anyezi wobonyeka pakhosi, kapena dzungu lomwe lachita bala mbali imene linagonera pansi. Akadandaula, yankho lake limakhala limodzi m'misika yonse: "Mayi, kumeneko n'kungodulako basi, mkatimu ndi mwabwinobwino."

Wogulitsayo sanama kwathunthu, koma sananenenso zonse. Pali mabala amene mpeni umachotsadi, chakudya n'kutsala chabwino. Palinso ena amene mpeni umangochotsa chimene maso akuona, vuto lenileni n'kutsala m'mbale. Chimasiyanitsa ndi zinthu ziwiri: chimene chafewetsa malowo, ndi mmene mbewuyo inapangidwira mkati mwake. Mbatata, dzungu ndi anyezi zimagona m'dengu limodzi, koma chilichonse chimaola mwa njira yakeyake.

Kufewa kulipo kwa mitundu itatu

Kufewa koyamba ndi kufota. Mbewu zimenezi ndi zamoyo ngakhale zitakololedwa. Zimapumabe ndipo zimataya madzi pang'onopang'ono. Mbatata imene yakhala milungu ingapo pamalo otentha imachita makwinya, imapindika ikakanikizidwa, koma ilibe fungo, ilibe madzi otuluka, ndipo ikadulidwa mkati mwake muli mtundu umodzi. Mbatata yotere siinaole. Ambiri amaikonda kumene chifukwa ikakhalitsa imatsekemera kuposa yongokumba kumene.

Kufewa kwachiwiri ndi kusupuka kapena kutswanyika chifukwa chogunda. Khasu lakhapa mbatata pokumba, dzungu lagwa pangolo, thumba la anyezi alikhalira pamwamba pa lole. Bala likakhala la lero kapena la dzulo, louma komanso lopanda fungo, kudulapo kumakwanira. Vuto lake n'lakuti bala ndi khomo, ndipo khomolo silikhala lopanda alendo masiku ambiri.

Alendowo ndiwo amabweretsa kufewa kwachitatu, kumene kuli kuola kwenikweni. Ndi chuku komanso mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapezeka m'dothi, m'matumba akale ndi pa mpeni. Mnofu wa mbewu unamangidwa ngati khoma la njerwa: tizigawo ting'onoting'ono tambirimbiri tomatidwa pamodzi ndi zomatira zachilengedwe. Tizilomboti timatulutsa timadzi tosungunula zomatirazo, njerwa n'kumasukana, madzi a mkati n'kukhuthuka. N'chifukwa chake malo oola amakhala phalaphala. Chuku chimene chimaoneka pamwamba ngati ubweya ndi maluwa ake chabe. Timaulusi take timakhala titalowa kale mkati ngati mizu, patsogolo pa malo amene asintha mtundu.

Apa ndi pamene pagona lamulo limene unduna wa zaulimi ku America umapereka kwa anthu a m'dziko lake. Zipatso ndi ndiwo zolimba, monga kabichi ndi karoti, zikachita kachuku pamalo amodzi, munthu adule kuzungulira malowo ndi pansi pake masentimita osachepera 2.5, ndipo mpeni usakhudze chukucho. Zofewa ndi zamadzi ambiri, monga tomato ndi nkhaka, zitayidwe zonse. Chifukwa chake n'chakuti timaulusi ta chuku timavutika kuyenda mu mnofu wolimba, pomwe mu wofewa timathamanga. Masentimita 2.5 ndi pafupifupi utali wa mfundo yomaliza ya chala chachikulu cha munthu wamkulu. Muyezo umenewu ndi wothandiza, koma anaupangira kabala kakang'ono pa chinthu chimene kwina konse chikadali cholimba. Sanaupangire chinthu chimene chayamba kale kutuluka madzi.

Mbatata imadziteteza ndi poizoni

Pa zitatuzi, mbatata ndiyo ifunika kusamala kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chodabwitsa. Chuku kapena tizilombo tikailowa, mbatata simangokhala chete. Imayamba kupanga mankhwala ake olimbana ndi mdaniyo m'mnofu wozungulira bala. Wodziwika kwambiri pa mankhwalawa ndi ipomeyamaroni, amene wasayansi wina wa ku Japan anamupeza mu 1943 m'mbatata yogwidwa ndi matenda a mabala akuda. Ndiye amachititsa kuwawa ndi kafungo kaja kamene aliyense wodya mbatata yofumbwa amakadziwa: munthu akaluma mbatata yophika n'kulavula msangamsanga, wakumana ndi mankhwala a m'gulu limeneli. Poyesedwa pa nyama, ipomeyamaroni anapezeka kuti amawononga chiwindi.

Palinso wina woopsa kuposa ameneyu. Chuku cha mtundu wa Fuzariyamu chikagwira mbatata, chimasandutsa mankhwala odzitetezera aja kukhala poizoni wina wotchedwa ipomeyanolo, amene amawononga mapapo. Mu 1969 ng'ombe makumi angapo zinafa m'chigawo cha Georgia ku America zitadyetsedwa mbatata yachuku. Zinkabanika, kupuma movutika, n'kufa. Akatswiri a pa yunivesite ya Vanderbilt, motsogozedwa ndi Benjamin Wilson, ndiwo anafufuza poizoni wa m'mbatata yoteroyo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mpaka kumudziwa bwino. Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri kumudzi, kumene mbatata yokanidwa kukhitchini imapita molunjika kukhola. Mbatata yoola si chakudya cha ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba.

Funso n'lakuti poizoniyu amafika patali bwanji kuchokera pabala. Kafukufuku amene anachitikira ku Kenya n'kusindikizidwa mu 2015, wotsogozedwa ndi Lydia Wamalwa, anayankha mbali ya funsoli. Ofufuzawo anapatsira mbatata chuku chotchedwa Raizopasi, chimene chimayambitsa kuola kofewa, kenako anayeza mbali zimene zinkaonekabe zabwino. Anapeza ipomeyamaroni m'mbali zimenezonso. Ndiye kuti mtundu wabwino wa mnofu si umboni wokwanira kuti mbatata imene yaola mbali ina ilibe vuto. Ndipo moto suthandiza mokwanira: kuwiritsa ndi kuotcha kumapha chuku ndi mabakiteriya, koma mankhwalawa sathera m'madzi owira. N'chifukwa chake mbatata yofumbwa imawawabe ngakhale itapsa bwanji, ndipo imodzi yokha imatha kuipitsa mphika wonse wa futali.

Mabala a mbatata amene anthu amakumana nawo kawirikawiri ndi atatu, ndipo kuwasiyanitsa sikuvuta.

Kuola kofewa kwa Raizopasi kumayambira pamene mbatata inathyoka kapena kukhapidwa, kawirikawiri kunsonga. Malowo amafewa, amatuluka madzi akafinyidwa, amamveka kafungo konga zinthu zosasa, ndipo khungu likang'ambika pamamera ubweya wotuwa wokhala ndi timitu takuda. Kuola kumeneku n'kwachangu zedi: pamalo otentha mbatata yonse imatha m'masiku ochepa chabe. Mbatata yotere itayidwe yathunthu, ngakhale theka lake likuoneka lolimba.

Mabala akuda ndi osiyana. Ndi ozungulira, olowa pang'ono mkati, olimba komanso ouma, ndipo nthawi zambiri salowa kwambiri pansi pa khungu. Amanyenga chifukwa amaoneka ngati angasendeke mosavuta, koma ndiwo amene amawawitsa mbatata kwambiri. Likakhala bala limodzi laling'ono pa mbatata yaikulu ndi yolimba, munthu angadule mowolowa manja n'kuonetsetsa chotsalacho. Akakhala angapo, palibe chopulumutsa.

Achitatu ndi a nankafumbwe wa mbatata, kachilombo kooneka ngati nyerere yaikulu yamlomo wautali. Dothi la pamzere likang'aluka m'chilimwe, kachilomboka kamatsikira m'ming'alu, kamaboola khungu la mbatata n'kuikiramo mazira. Mphutsi zake zimakumba tinjira mkati, n'kusiya zakuda m'mbuyo. Kunja kumangooneka timabowo ngati toboola ndi singano, koma mbatata ikadulidwa tinjirato timaonekera. Tikakhala kumutu kokha kumene kunali pafupi ndi pamwamba pa mzere, kudulako patali kumasiya mbali yodyeka. Tikayenda thupi lonse, kuwawa nakonso kwayenda thupi lonse.

Si zonse zakuda pa mbatata zimene zili zoopsa. Utomoni woyera umene umatuluka mbatata ikadulidwa umauma n'kuda, ndipo umasiya timadontho pakhungu ndi m'manja; umenewo ndi wachilengedwe. Palinso zigamba zofiirira zimene zimangodetsa khungu koma osalowa mkati, zimene zimachoka posenda, mnofu n'kupezeka woyera. Mbatata yotere ilibe vuto.

Mulu umodzi pa chitsanzo

Tiyerekeze mayi amene wagula mulu wa mbatata 8 Loweruka, n'kuusiya m'jumbo ya pulasitiki pakona ya khitchini mpaka Lachiwiri. Pomasula jumboyo akupeza mkati muli chinyezi. Mbatata 5 n'zolimba, zopanda bala. Imodzi yafewa nsonga yonse, ikutuluka madzi ndipo yamera ubweya. Ina ili ndi bala la khasu lotalika ngati chala, louma, m'mbali mwake mwada pang'ono. Yomaliza ili ndi timabowo kumutu.

Yaubweya ija ndiyo yoyamba kutuluka m'nyumba, yathunthu, ndipo ipite kudzala osati kukhola. Zisanu zabwinozo zinagona nayo limodzi, choncho zitsukidwe, zisendedwe, ziphikidwe lero kapena mawa. Si zosunganso ayi. Ya bala la khasu aidule masentimita 2.5 kuchokera m'mphepete mwa balalo mbali zonse ndi pansi pomwe, mpeni ukudutsa mu mnofu wabwino wokhawokha. Akatero atsuke mpeniwo ndi sopo, adulenso kachidutswa kena kopyapyala, ayang'ane ndi kununkhiza pamene padulidwapo. Pakakhala mtundu umodzi, polimba, popanda mizere yofiirira kapena fungo lachilendo, ilowe mumphika. Ya timabowo aidule pakati m'litali kuti aone pamene tinjira tathera, n'kudula patsogolo pake ndithu. Ngati chotsala ndi kachidutswa kochepa, sichiyenera kuvutikira.

Zikapsa, kuyesa komaliza n'kwa pakamwa. Chidutswa chowawa chilavulidwe, ndipo mbatata imene chachokerayo isadyedwe. Mwana asauzidwe kuti angomeza poti chakudya sichitayidwa, komanso kuwawako kusabisidwe ndi nsinjiro kapena shuga.

Dzungu lili ndi chipinda mkati

Dzungu lokhwima ndilo limakhululuka kwambiri pa zitatuzi. Chikopa chake n'cholimba, mnofu wake ndi wokhuthala, ndipo bala laling'ono la kunja limatenga nthawi kuti lilowe. Lamulo la masentimita 2.5 limagwira bwino ntchito pano. Kachigamba kotuwa kapena kachikasu pamene dzungu linagonera pansi si kuola, bola pakhale polimba pakakanikizidwa ndi chala. Zipsera zouma zonga nkhanambo ndi mabala akale amene dzungulo linapoletsa lokha likadali kumunda.

Msampha wa dzungu ndi mphako yake. Mkati mwake muli chipinda chachinyezi chodzaza ndi nthanga ndi matumbo ake, malo amene chuku chimakonda koposa. Kuola kukangoboola mnofu n'kufika m'chipindacho, kumafalikira mkati monse mwakachetechete, kunja kukuonekabe bwino. Njira zolowera ndi zitatu: pamene panali kaphesi kolumikiza dzungu ku chomera chake, pamchombo pansi pamene panali duwa, ndi pamene ntchentche za zipatso zinaboola kuti ziikire mazira dzungu likadali lanthete. Bala la ntchentchezi kunja limaoneka ngati kadontho, koma mkati mumapezeka mphutsi ndi mnofu wofiirira.

Choncho chiweruzo cha dzungu sichiperekedwa poyang'ana kunja. Liyenera kung'ambidwa pakati, mpeni ukudutsa kutali ndi bala, n'kuona mkati. Ngati nthanga ndi matumbo ake zili zoyera bwino, fungo lili la dzungu, ndipo bala likuthera mu mnofu osafika m'chipinda, mbali ya balayo ichotsedwe mowolowa manja, zotsalazo ziphikidwe tsiku lomwelo. Ngati m'chipindamo muli madzi onanda, ulusi wakuda kapena wotuwa, kapena fungo losasa, dzungu lonse lapita, ndipo nthanga zake si zokazinga kapena kusinja. Pogula, dzungu limene likupepuka mosayenera kukula kwake, kapena limene likumveka madzi akukhuthuka mkati likagwedezedwa, lisiyidwe pomwepo. Lofewa mozungulira kaphesi nalonso n'lokayikitsa, chifukwa pamenepo m'pafupi kwambiri ndi chipinda.

Maungu ogulitsidwa m'mapisi ali ndi vuto lawolawo. Dzungu likadulidwa, chitetezo chake chonse chatha, ndipo mbali yodulidwayo imayamba kuterera pakangopita tsiku limodzi kapena awiri pamalo otentha. Chipisi chimene changouma pamwamba chingathe kusengulidwa. Chimene chikuterera ndi kununkha chapitirira pamene mpeni ungathandize.

Pali chinthu china chokhudza dzungu chimene sichichokera ku kuola koma chiyenera kudziwika. Nthawi zina dzungu looneka labwinobwino limawawa ngati ndulu. Kuwawaku kumachokera ku mankhwala achilengedwe a m'banja la maungu otchedwa kukabitasini, amene amachuluka mbewu ikasakanikirana ndi abale ake owawa osadyedwa. Saphwanyika pophika, ndipo amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa. Mu 2018 dokotala wa matenda a pakhungu ku France, Philippe Assouly, analemba za amayi awiri amene anadwala motero ndipo pambuyo pake tsitsi lawo linathothoka atadya maungu owawa. Kuwawa kotereku kumakhala m'dzungu lonse, ndiye palibe mbali yodula.

Anyezi amaola motsata magawo

Anyezi si mnofu umodzi ngati mbatata. Ndi masamba okhuthala ovalana, lina pamwamba pa linzake, onse okumana pansi pamene pamachokera mizu ndi pamwamba pakhosi. Kuola kwake kumatsata kamangidwe kameneka. Tizilombo tambiri timalowera pakhosi, makamaka ngati anyezi anadulidwa masamba khosi likadali laliwisi kapena ananyowa ndi mvula atazulidwa, kenako timatsika m'gawo limodzi kapena awiri mpaka pansi. Ichi ndicho chifukwa chake munthu amatha kudula anyezi wolimba bwino kunja n'kupeza mkombero umodzi wofiirira, wonyowa, pakati pa mikombero yoyera.

Limodzi mwa matenda ameneli, limene limasasitsa magawo a anyezi n'kuwapatsa fungo longa viniga, linafotokozedwa koyamba mu 1950 ndi Walter Burkholder wa pa yunivesite ya Cornell, amene anaona vutoli m'minda ya anyezi ku New York. Mabakiteriya ake anadzatchulidwa dzina lake. Ena amasungunula anyezi mpaka kutuluka madzi onunkha amene aliyense wosunga thumba la anyezi m'nyumba amawadziwa ndi mphuno asanawaone.

Kwa anyezi, mpeni sugwira ntchito mozungulira bala ngati pa dzungu. Chofunika ndi kusenda magawo. Ngati lafewa ndi gawo lakunja lokha, lichotsedwe lonse pamodzi ndi lotsatira, anyeziyo atsukidwe, adulidwe khosi ndi kumizu, kenako ang'ambidwe pakati kuchokera pakhosi kutsika pansi. Kudula motero kumaonetsa magawo onse kuyambira pamwamba mpaka pansi, pomwe kudula mopingasa kungaphonye kuola kumene kwangoyamba kutsika. Magawo onse akakhala olimba ndi owala, anyeziyo ndi wabwino. Koma kuola kukakhala pamtima, kapena m'magawo angapo, kapena kukachokera pansi kumizu kumene magawo onse amakumana, ndiye kuti madzi ake afika paliponse, ndipo anyeziyo atayidwe.

Fumbi lakuda longa mwaye limene limapezeka pansi pa makoko ouma ndi chuku chimene chimakonda malo otentha, choncho n'chofala m'nyengo ya Okutobala ndi Novembala. Likakhala pa makoko ndi pa gawo loyamba lokha, mnofu wa pansi pake uli wolimba, kusenda ndi kutsuka kumakwanira. Likalowa pakati pa magawo a mkati, kapena pansi pake pakafewa, anyeziyo watha. Anyezi amene wamera masamba obiriwira pamwamba sanaole. Amangofewa chifukwa mmerawo ukudya chakudya cha m'magawo, ndipo amadyeka bola asanunkhe.

Pali lamulo limodzi lowonjezera. Anyezi wopulumutsidwa ndi mpeni apite mumphika, akazingidwe kapena kuwira ndi ndiwo. Asalowe mu kachumbali kapena saladi, kumene amadyedwa wosaphika. Malo oola ndi onyowa komanso otseguka, ndipo majeremusi ena oyambitsa matenda a m'mimba amakhazikikamo mosavuta kuposa pa mnofu wabwino.

Pogula, chala chachikulu ndicho chida. Khosi la anyezi wabwino limakhala lopyapyala, louma ndi lothina. Likakhala lonenepa, lonyowa kapena lobonyeka likakanikizidwa, anyeziyo sakhalitsa, ndipo mwina wayamba kale kuola mkati.

Mabala ambiri amayamba tsiku lokolola

Pafupifupi kuola konse kumene kwafotokozedwaku kumalowera pabala kapena pamalo amene sanaume, ndipo mbewu zitatu zonsezi zili ndi mphamvu yotseka mabala awo zikapatsidwa mpata. Mbatata yongokumba kumene ikakhala pamalo ofunda pafupifupi madigiri 30 komanso achinyezi kwa masiku 4 mpaka 7, imamera khungu latsopano pansi pa mikwingwirima yake. Mlimi wopanda nyumba yapadera angachite zofanana ndi zimenezi poiunjika pamthunzi n'kuifunditsa udzu kapena masaka, mpweya ukudutsa. Alangizi amalimbikitsanso kudula kholowa yense masiku angapo, osapitirira milungu iwiri, asanakumbe, kuti khungu la mbatata likhwimire m'nthaka. Kukwirira ming'alu ya pamizere ndi kukumba mbatata isanakhalitse m'chilimwe kumachepetsa nankafumbwe.

Posunga m'nkhuti, kaya ndi phulusa kaya ndi mchenga wouma, ntchito yaikulu ndi kusankha. Mwambi uja wa nsomba imodzi yoola umagwiranso ntchito pa mbatata: yokhapidwa, yofumbwa ndi yamabala idyedwe msanga, m'nkhutimo mulowe yathunthu yokhayokha. Mbatata yosunga isatsukidwe. Kwa a m'tauni, firiji si malo ake: kuzizira kotsika kupitirira madigiri 13 kumaivulaza, imachita malo olimba osapsa pophika, imada mkati, ndipo ikatulutsidwa imaola msanga. Jumbo ya pulasitiki nayo imasunga chinyezi chimene chuku chimafuna.

Dzungu likololedwe litakhwima, chikopa chitafika posalowa chikhadabo, ndipo lidulidwe ndi kaphesi kake kotalika ngati chala. Lisanyamulidwe pogwira kaphesiko, chifukwa kakathothoka pamatsala bala lolunjika m'chipinda. Likhale pamalo ouma, okwera, osagundana ndi linzake, osati pa simenti kapena dothi lonyowa.

Anyezi azulidwe masamba ambiri atagwa okha, kuthirira kutasiyidwa kale, ndipo ayanikidwe pamalo odutsa mphepo, osanyowa, kwa milungu iwiri kapena itatu mpaka khosi litauma. Pokhapo m'pamene masamba angadulidwe, kusiya kachitsa ka masentimita 2 kapena 3. Anyezi amene wazulidwa msanga pothamangira mtengo wabwino pamsika, masamba n'kudulidwa akadali aawisi, ndiye amene amadzaolera m'khitchini mwa wogula pakatha milungu iwiri. Asungidwe m'thumba la maukonde kapena womangidwa m'mitolo yopachika, ndipo mwini wake aziwapenda mlungu uliwonse n'kuchotsa wofewa.

Ndiye mawu a wogulitsa wa pa Lizulu aja ndi oona pa bala laling'ono, louma, la pamalo amodzi, pa chinthu chimene kwina konse n'cholimba: dzungu limene mkati mwake muli bwino, anyezi wofewa gawo lakunja lokha, mbatata yokhapidwa ndi khasu posachedwa. Si oona pa chilichonse chimene chikutuluka madzi, chikununkha, chamera ubweya m'malo angapo kapena chikuwawa. M'nyumba imene muli khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, chokayikitsa chisafike n'komwe pa mbale yake. Ndipo pa zitatuzi, mbatata yoola mofewa ndiyo yosayenera kuyesa kuipulumutsa, chifukwa poizoni wake amapezeka ngakhale mbali imene ikuoneka yoyera.